Mmene mungalembere mawu opangira chithunzi chotsatsira kiyosiki ya ndalama za pafoni

Mukauza pulogalamu yopanga zithunzi kuti mukufuna kiyosiki yotanganidwa komanso yodalirika, mwapempha zinthu ziwiri zimene zimakokana. Pulogalamuyo ikamva za kutanganidwa imaunjika chigulu cha anthu pazenera. Koma aliyense amene anatapapo ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amadziwa tanthauzo la chigulu chotero: netiweki yavuta, ejenti alibe floti, kapena wina akusuzumira nambala yanu yachinsinsi. Ntchito yanu ndi kugwirizanitsa ziwirizi.

Yambani ndi kuwerenga anthu, ndipo aliyense mumupatse chochita. Anayi akwana. Ejenti akhale mkati akulemba m'kaundula. Mayi wina akhale pazenera, foni ili m'dzanja lake. Apa ndimaumirirapo kwambiri, chifukwa kasitomala sayenera kupereka foni kwa ejenti kuti amulembere nambala yachinsinsi, ndipo chithunzi chotsatsa chisaphunzitse khalidwe limenelo. Bambo wachitatu adikire chapatali pang'ono, wachinayi akhale akuchoka nkhope ili yomasuka. Kutanganidwa kwina konse kukankhireni kumbuyo: minibasi ikudutsa, wakabaza, mayi wogulitsa nthochi, zonse zooneka mwachimbuuzi. Msewu ndiwo udzaze, pazenera pakhale bata.

Kenako musadalire mawu akuti "yodalirika". Pulogalamu singajambule chikhulupiriro, imajambula zinthu. Tchulani zimene zimachititsa munthu kuima ndi ndalama zake pamalo: penti yatsopano, zenera la waya, kaundula ndi cholembera pathebulo, pansi posesa, kuwala kwa m'mawa. Chithunzi cha madzulo chimakongola, koma palibe amene amakonda kutapa ndalama kukuda. Tchulaninso malo enieni. Mukangoti ku Africa, mudzalandira msika wosadziwika kwawo, zovala za kwina, galimoto zoyenda mbali yolakwika. Nenani kuti ndi ku Malawi, m'mbali mwa msewu wa tala, amayi avala zitenje, galimoto zikuyenda kumanzere.

Mapulogalamuwa amamva bwino Chingerezi kuposa Chichewa, choncho kwa ejenti wa Mpamba, amene mtundu wake ndi wobiriwira, mawuwo angakhale otere:

```
Photo of a green roadside mobile money kiosk in Malawi, morning light.
Agent writing in a ledger, woman in chitenje holding her own phone,
one man waiting two steps back, one leaving. Blurred minibus behind.
Blank signboard, no text, no logos, no banknotes. Vertical 9:16.
```

Wa Airtel Money asinthe mtunduwo ukhale wofiira. Mawu otsiriza aja akupempha chithunzi choimirira, chokwana bwino pa sitetasi ya WhatsApp. Ngati mukufuna chithunzi chopingasa, lembani `Horizontal 16:9` m'malo mwake.

Mwaona kuti tapempha chikwangwani chopanda mawu ndiponso kuti pasaoneke ndalama. Zilembo zimene pulogalamu imadzilembera nthawi zambiri zimatuluka zopotoka, ndipo nambala ya ejenti ikalakwika ngakhale pamodzi, ndalama za munthu zikhoza kupita kwina. Ndalama nazo imazipeka: pepala lofanana ndi dola, kapena K5,000 yokhala ndi nkhope yachilendo. Mmalawi amazindikira zimenezi msanga, ndipo malonda a ndalama akaonetsa ndalama yabodza, chikhulupiriro chathera pomwepo. Dzina la kiyosiki, nambala ya ejenti, nthawi yotsegulira ndi mawu akuti "Ikani, tapani, tumizani" muzilembe nokha pambuyo pake mu Canva kapena pulogalamu ina yotere. Chizindikiro cha kampani musachijambulitse. Gwiritsani ntchito chenicheni, mutafunsa kaye woyang'anira maejenti wa dera lanu ngati mukuloledwa kutero.

Zithunzi zikatuluka, zikulitseni ndi kuyang'ana manja poyamba, popeza m'pamene pamalakwika kawirikawiri: zala zisanu ndi chimodzi, foni yomatirira kuchikhatho, cholembera choyandama. Onani kumene maso a bambo wodikira uja akuloza. Ngati ali pafoni ya mayiyo, onjezani mawu akuti `looking toward the road`. Ngati kiyosiki yatuluka yagalasi ngati nthambi ya banki, onjezani `small metal kiosk`, chifukwa kasitomala wokopeka ndi chithunzi akafika n'kupeza kabokosi kamalata adzayamba kukayika ngati wafika pamalo oyenera. Sinthani chinthu chimodzi nthawi iliyonse, kuti mudziwe chimene chakonza kapena kuononga chithunzicho.

Musanasindikize, tumizani chithunzicho pafoni yaing'ono ndi kuonetsa makasitomala awiri kapena atatu. Afunseni kuti awerenge nambala ya ejenti mokweza. Akadodoma, kulitsani zilembozo ndi kuziika pamalo opanda zojambula kumbuyo kwake.