Kuzindikira Mikanda Yakale Poyang'ana Pabowo

Mkanda wakale wagalasi saudziwira mtundu wake. Mikanda yofiira itatu itha kuoneka yofanana pa ulusi umodzi, chonsecho wina unachokera ku India, iwiriyo ku Venice, ndipo inapangidwa motalikirana zaka mazana. Chinsinsi chili pabowo.

Yambani ndi kuutsuka ndi madzi okha ndi kaburashi kofewa. Ngati ukufundula timamba toyera, musautsuke, chifukwa galasi lake layamba kufumbwa ndipo madzi angalimalize. Kenaka tengani tochi ndi galasi lokulitsa zinthu kakhumi, muunike mkandawo kuchokera kumbuyo.

Choyamba kufufuza ndi kumene mizere ndi timathovu ta mpweya talowera. Pa mkanda wokoka, mmisiri ankasiya mpweya pakati pa galasi losungunuka n'kulikoka mpaka litatalika ngati bango, kenaka n'kuliduladula. Timathovu tinkatamuka pokokapo, choncho mudzaona timizere toyenda motsata bowo, kuchoka kukamwa kwina kukafika kwina. Mkanda wokulunga unkapangidwa umodziumodzi pozunguliza galasi lotentha pa waya, ndiye mizere yake imazungulira bowo, ndipo nthawi zina kumapeto kumatsala kansonga pomwe galasi linadukira.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya: akaona mkanda woburungika amati ndi wokulunga. Ayi. Tizidutswa tokoka tinkatenthedwanso mu phulusa kapena mchenga kuti m'mbali mwakuthwa musalale. Khulupirirani mizere, osati maonekedwe. Mukaona msoko wozungulira mkanda, umenewo unatuluka m'chikombole, monga yambiri ya ku Bohemia ya m'ma 1800.

Tsopano imikani mkandawo bowo liloze kwa inu, muwerenge zigawo zosanjikizana. Tibwerere ku mikanda yofiira itatu ija.

Woyamba ndi wokoka, wofiira moderako, suwala tochi ikaunika, ndipo mtundu ndi umodzi kuyambira kunja mpaka pabowo. Anzake a pa ulusiwo ndi osiyanasiyana kukula, ena opendekeka. Zizindikirozi zimaloza ku India. Mikanda ya ku India ndiyo inadzaza malonda a kuno kummwera kwa Africa kuyambira m'ma 1400 mpaka m'ma 1600, ndipo akatswiri amaitcha ya Khami, potengera malo a ku Zimbabwe. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, likulu la Kalonga wa Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yambiri yotere pamodzi ndi minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa ndi mapale a mbale za ku China. Apwitikizi atafika ku Sofala anapeza kuti anthu azolowera mikanda ya ku India, moti nawonso ankakaigula komweko. Choncho mkanda wa ku India sutanthauza kuti wogulitsayo anali Mmwenye.

Wachiwiri ndi wofiira kunja, koma pabowo pali kagawo kooneka kakuda. Kaunikeni bwino, mudzaona kuti ndi kobiriwira kowala. Umenewu ndi wa ku Ulaya, makamaka Venice, ndipo unayenda kwambiri m'ma 1600 ndi m'ma 1700 mpaka kuchiyambi kwa ma 1800.

Wachitatu ndi wofiira wowala kunja, woyera mbee mkati. Mtundu uwu unayamba kufala cha m'ma 1830. Galasi lofiiralo ankalipatsa mtundu ndi golide, ndiye ankalisanjika mopyapyala pamwamba pa loyera, lomwe linali lotsika mtengo komanso linkawalitsa kufiirako. Kuno mkanda wotere umagwirizana ndi nthawi ya maulendo a Ayao ndi Aswahili, pamene minyanga ndi akapolo zinkapita kugombe, nsalu ndi mikanda n'kumabwera.

Pali winanso wosasowa: wokhala ndi nyenyezi ya nsonga 12 kumapeto, wabuluu, woyera ndi wofiira. Yoyambirira ya ku Venice, ya cha m'ma 1500, kawirikawiri ili ndi zigawo 7 ndipo kumapeto kwake ankakupala mbalimbali. Ya m'ma 1800 ndi 1900 imakhala ndi 4 kapena 6. Powerenga, yambirani pabowo, chifukwa kagawo ka mkati kenikeni n'kosavuta kukadumpha. Samalaninso, mikanda yotere akuipangabe ku India ndi ku China. Wakale umakhala woperepeseka m'mbali mwa bowo momwe ulusi unkakhula, pamene wokalambitsidwa dala umakhala wokandika thupi lonse mofanana koma bowo lili lakuthwa.

Pomaliza, musapatse ulusi wonse zaka za mkanda wakale kwambiri. Agogo ankatunga mikanda mobwerezabwereza, yakale ndi yatsopano pamodzi. Pa ulusi wathu uja, mkanda woyera mkati ndiwo ukulamula: sunatungidwe ma 1830 asanafike, ngakhale mnzake wa ku India atakhala wa nthawi ya Mankhamba. Ndipo mukapeza mikanda m'nthaka polima, musaifukule. Lembani malowo ndi kudziwitsa a dipatimenti yoona zinthu zamakedzana, chifukwa zaka zenizeni zimadziwika poona dothi, makala ndi mapale omwe mkandawo unagona nawo.