Azakhali, imelo yanga yasokoneza makasitomala

Azakhali,

Ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zaulimi kuno kwa Njewa. Abwana ayambitsa dongosolo lopatsa mapointi anthu amene amagula kwa ife kawirikawiri, ndipo ndine ndidalemba imelo yolengeza. Chitumizireni foni sikupuma. Wapampando wa kalabu ina ya ku Nsaru adabwera ndi ngolo, ati adzatenge feteleza waulere. Ndalakwitsa pati?

Ine Wothedwa Nzeru, Njewa

Mwana wa mlongo wanga,

Imelo yako ndaiwerenga mpaka magalasi kuchita nkhungu. Mawu akuti "mphoto" alimo kasanu, koma chiwerengero palibe ndi chimodzi chomwe. Bambo a ngolowo usawaseke, udawaitana ndiwe.

Mayi wogulitsa tomato pa Mpingu akamaika basela sachita msonkhano. Amati gulani milu itatu, ndikuikirani awiriwa. Mapointi akowo ndi basela yemweyo, kungoti wovala taye. Choncho funsa abwana ako mafunso atatu: munthu agule za ndalama zingati, apeze chiyani, ndipo zithe liti? Akayamba chibwibwi, imelo idikire.

Tiyerekeze kuti ayankha bwino. Pamutu ulembe kuti "Mukagula za K100,000 tikuchotserani K2,000", kenako upitirize motere:

"Pa K1,000 iliyonse imene mwagulira katundu mupeza pointi imodzi. Mapointi akakwana 100, tidzakuchotserani K2,000 pa katundu amene mudzagule ulendo wotsatira. Kulowa n'kwaulere, mungotchula nambala yanu ya foni polipira."

Waona? Ndi K2 pa K100 iliyonse. N'zochepa, inde, koma munthu akadziwerengera yekha sabwera ndi ngolo.

Tsono malamulo, pamene anyamata a masiku ano mumachepetsa zilembo ngati nyerere n'kuwakankhira kumunsi. Akwere pamwamba, zilembo zake zifanane ndi zinazo. Nena kuti mapointi sasinthidwa kukhala ndalama za m'manja, kuti katundu wa ngongole sawerengedwa, ndi kuti wobweza katundu mapointi akenso amachotsedwa. Za tsiku lothera usalembe kuti "pakapita nthawi". Lemba 30 Epulo, ngati ndilo. Mlimi amagula mbewu ndi feteleza cha mu Okutobala ndi Novembala kenako n'kusowa, ndiye mapointi akamatha pa masiku 30 ndiye kuti mwangomunyambititsa chala. Zimenezo ukawauze abwana, unene kuti ndatero ndine.

Za makalabu usaiwalenso. Mlembi akagulira anthu 20, mapointi ndi a kalabu kapena ndi ake? Ukapanda kulemba, mlandu umenewo ukathera kwa amfumu.

Usanatumize, muwerengere mlonda wa pasitolo panu mokweza, ndipo umufunse kuti atagula za K50,000 apeza chiyani. Akati "mapointi 50, kwatsala 50 ena", tumiza. Akangokanda m'mutu, khala pansi ulembenso. Bambo a ku Nsaru aja uwaimbire lero, uwapepese.

Ndine Azakhali ako