Mutu Wowawa wa Anthu Ogwira Ntchito Chowerama

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Katundu ameneyu amakhala pamwamba pa khosi, limene lili ndi mafupa ang'onoang'ono 7 osanjikizana. Kumbuyo kwa mafupawa kuli minyewa imene imayambira kunkhongo ndi kutsikira m'mapewa. Minyewa imeneyi ndiyo imagwira mutu kuti usagwere kutsogolo.

Mayi akasenza ndowa ya madzi amawongola khosi lake, ndipo amatha kuyenda nayo ulendo wautali. Koma atati aweramitse mutu ndowayo ili pamutu, sangapite patali. Ndi mmene zilili ndi mutu weniweniwo. Ukakhala chilili, mafupa a khosi amaunyamula mosavuta. Ukawerama, minyewa ya kunkhongo imakungika ngati chingwe kuti iugwire. Munthu akawerama maola ambiri osadzuka, minyewayo imatopa ndi kuyamba kupweteka. Ululuwo umakwera kuchokera m'mapewa, kudzera kunkhongo, mpaka kufika pamphumi. Atelala, alembi a m'maofesi ndi ana a sukulu ndiwo amavutika kawirikawiri ndi mutu woterewu.

Mutu umenewu uli ndi zizindikiro zake. Umawawa mbali zonse ziwiri, ndipo munthu amamva ngati wamanga duku lothina kwambiri. Akakanikiza ndi chala kunkhongo kapena pamwamba pa phewa, pamakhala pouma ndi popweteka. Thupi silitentha, munthuyo sasanza, ndipo akayendayenda ululu suwonjezeka. Nthawi zina mutuwu umatha patapita theka la ola, koma nthawi zina umakhala masiku angapo.

Pakhonde la sitolo ina panali mayi wina amene ankasoka zovala ndi makina opalasa ndi mapazi. Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, makolo ambiri anam'bweretsera nsalu za yunifolomu. Iye ankayamba kusoka 7 koloko m'mawa ndi kuweruka dzuwa litapendeka, ndipo ankangodzuka kamodzi pokadya nsima. Tsiku lililonse masana mutu unkayamba kumuwawa. Ankameza panado ndi kupitiriza ntchito. Patapita masabata atatu anachita mantha, chifukwa kusoka ndiko kunkadyetsa banja lake. Choncho anapita kuchipatala.

Adokotala anamuyeza kutentha kwa thupi ndiponso magazi, koma sanapeze malungo.

“Kodi mutuwu umayamba nthawi yanji, mayi?” anafunsa adokotala.

“Umayamba masana, adokotala. M'mawa ndimadzuka bwinobwino.”

“Nanga Lamulungu umakuwawani?”

Mayiyo anaganiza pang'ono nati, “Iyayi, Lamulungu sindiumva.”

“Lamulungu simusoka,” anatero adokotala. “Takhalani pampandopa mundionetse mmene mumakhalira pamakina anu.”

Mayiyo atakhala, adokotala anaona kuti mapewa ake akwera kufupi ndi makutu ndipo nkhope yake yaloza pansi. Atamufunsitsa anapeza zifukwa ziwiri. Choyamba, mpando wake unali waufupi, motero ankakweza mapewa kuti manja afike pansalu. Chachiwiri, makina ake anali pakona pamene panali kamdima, motero ankasendeza nkhope kufupi ndi singano kuti aone ulusi.

Adokotala anamulangiza kuti apinde bulangete ndi kuliika pampando kufikira zigongono zake zitalingana ndi thebulo la makina. Anamuuzanso kuti asunthire makinawo poyera kuti kuwala kuzifika pasingano. Kenaka anamuphunzitsa kupumitsa khosi. Pakatha mphindi 30 zilizonse, aziimirira ndi kuzunguza mapewa cham'mbuyo kakhumi. Akatero azibweza chibwano chake m'mbuyo osaweramitsa mutu, n'kuwerenga mpaka 5, ndi kuchita zimenezi kasanu. Pomaliza azipendeketsa mutu pang'onopang'ono kulinga kuphewa lamanja, kenaka lamanzere, osaukoka mwamphamvu. Madzulo aziviika kansalu m'madzi ofunda, osati otentha, ndi kuthowa kunkhongo kwa mphindi 10.

“Koma adokotala, ndikamadzukadzuka chotero ntchito yanga sichedwa kodi?” anadandaula mayiyo.

“Kuthamanga sikufika, mayi,” anayankha adokotala. “Kupumaku kumangotenga mphindi ziwiri. Mukasoka maola 8, mphindi zopuma zonse pamodzi zingokwana ngati theka la ola. Kodi mutu ukakugwirani, simutaya nthawi yoposa imeneyi?”

Adokotala anamuchenjezanso za mankhwala. Panado amachepetsa ululu, koma sakonza mpando kapena kuchotsa mdima. Ndiponso munthu akamamwa mankhwala otere masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kwa miyezi ingapo, mankhwalawo amatha kuyambitsa mutu wina wosatherapo. Mayiyo anatsata malangizo onse. Patapita masabata awiri mutu unayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo yunifolomu zonse anazimaliza.

Mwana wa sukulu naye angathe kudziteteza. Polemba akhale mowongoka, mapazi onse awiri ali pansi, ndipo asagoneke mutu padesiki. Powerenga anyamule buku m'mwamba pang'ono kuti buku ndilo liyandikire maso. Amene amalembera pamiyendo chifukwa chosowa desiki aziwongola khosi akamaliza ndime iliyonse. Ngati mwana saona bwino zilembo pokhapokha atayandikitsa kwambiri nkhope, auze aphunzitsi kapena makolo kuti akayezedwe maso. Mwana asamwe mankhwala alionse popanda munthu wamkulu, ndipo asapatsidwe asipulini pokhapokha adokotala atalamula.

Komabe si mutu uliwonse umene umabwera chifukwa cha kuwerama. Mutu wobwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera ungathe kukhala malungo. Ngati thupi latentha ndipo khosi lauma kotero kuti chibwano sichingafike pachifuwa, angathe kukhala matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga. Mutu woyamba mwadzidzidzi ndi ululu woopsa, mutu wobwera munthu atagwa kapena kumenyedwa, ndiponso mutu wotsagana ndi kusanza, kukomoka kapena kufooka kwa dzanja ndi mwendo, suthowedwa kunyumba ayi. Wodwala wotere apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mawu oti muwadziwe

Nkhongo: kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa khosi.
Minyewa: mnofu wolimba umene umakoka mafupa kuti thupi liyende.
Kukungika: kukokeka mpaka kulimba, monga chingwe cha uta.
Kuthowa: kuika kansalu kofunda pamalo opweteka.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi khosi lili ndi mafupa angati?
2. Chifukwa chiyani minyewa ya kunkhongo imatopa munthu akawerama nthawi yaitali?
3. Tchulani zizindikiro zitatu za mutu wobwera chifukwa cha kuwerama.
4. Kodi adokotala anaphunzirapo chiyani atamva kuti mayi uja samva mutu Lamulungu?
5. Fotokozani zinthu ziwiri zimene mayiyo anasintha pamalo ake osokera.
6. Kodi mwambi wakuti “kuthamanga sikufika” ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?
7. Ndi zizindikiro ziti zimene zimasonyeza kuti wodwala mutu apite kuchipatala msanga?

Zoti muchite

Gwirani mwala waukulu ngati chibakera pafupi ndi chifuwa chanu ndi kuwerenga mpaka 30. Kenaka tambasulani dzanjalo kutsogolo ndi kuwerenganso mpaka 30. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza zimene mwamva m'dzanja, ndi mmene zikufanirana ndi khosi la munthu wowerama.