Lamlungu likamapendeka, mtima umandithawa

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Lamlungu lililonse ikamakwana 4 koloko madzulo, mtima umayamba kugunda, nsima silowa, tulo osabwera. Lolemba m'mawa timakhala ndi msonkhano womwe abwana amatikalipira pagulu. Amuna anga akuti ndi ulesi. Kodi ndisiye ntchitoyi?

Wothedwa nzeru, Bangwe

Mayi,

Si ulesi umenewo. Waulesi amadya nsima yake bwinobwino, n'kugona mpaka kuliza mkonono.

Koma musathamangire kulemba kalata yosiya ntchito. Choyamba onani nthawi imene nkhawayi imatha. Anthu ambiri, ngakhale okonda ntchito yawo, Lamlungu madzulo amada nkhawa akaganiza zodzuka mbandakucha, kulimbirana minibasi ndi mafayilo amene anawasiya Lachisanu. Nkhawa yotereyi imazimiririka Lolemba lomwelo ntchito ikangoyamba. Mankhwala ake ndi osavuta: Lachisanu musanaweruke, lembani papepala zimene mudzayambe nazo, pepalalo mulisiye mudirowa, kuti mutu usamazinyamule mpaka kunyumba.

Yanuyi ndikuiona mosiyana, chifukwa mwatchula nokha msonkhano. Kwa milungu inayi, Lamlungu mtima ukayamba, lembani chinthu choyamba chimene chabwera m'maganizo. Kenako lembani tsiku ndi ola limene mtima wakhala pansi. Ngati nthawi zonse mukuona nkhope ya abwana, ndipo mumapeza bwino msonkhanowo ukangotha, ndiye kuti ntchito yowerengera ndalama ilibe mlandu, vuto ndi munthu mmodzi ndi ola limodzi. Zikatero mukhoza kupempha kuonana nawo panokha Lachisanu, n'kuwaonetsa pomwe ziwerengero zikuvuta, kuti Lolemba pasakhale chowadzidzimutsa. Mabwana ena amakalipa chifukwa nawonso akuopa akuluakulu awo, ngakhale izi sizikuwachotsera mlandu.

Koma ngati nkhawayo ikufika Lachitatu, ikuyamba Loweruka, kapena siikusiyani ngakhale muli pa tchuthi, ntchitoyo ikukudyani thanzi. Pamenepo yambani kufunsira kwina mudakali pamalipiro. Pitaninso kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, ndipo mukawauze za kusowa tuloko.

Dziwaninso izi musanachoke. Lamulo la zantchito la Employment Act la 2000 limati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama zija amapatsidwa wochotsedwa popanda mlandu. Lamulo lomweli limavomereza kuti khalidwe la bwana likhoza kumukakamiza munthu kuchoka, ndipo zoterozo zimatengedwa ngati kuchotsedwa. Koma ku khoti la nkhani zantchito amafuna umboni. Choncho mukanyozedwa, lembani m'kabuku tsiku, mawu amene ananenedwa ndi anthu amene analipo. Kabukuko muzisunga kunyumba, osati kuofesi, ndipo mukapite nako ku ofesi ya leba ku Blantyre musanasaine chilichonse.