Musanaboole bimu yachitsulo, werengerani izi

Anthu ambiri akafuna kukulitsa sitolo, galaja kapena chipinda chochezera amagumula khoma, n'kuika bimu yachitsulo yooneka ngati chilembo cha I kuti inyamule njerwa ndi denga zimene zatsala pamwamba. Vuto limadza pambuyo pake. Pulambala amafuna poti paipi idutse, wamagetsi amafuna poloweka mawaya, ndipo wowotcherera amadula kumapeto kwa bimu kuti ikhale bwino pa chipilala. Onsewa amasankha malo oyandikira khoma chifukwa ndi pamene paipi imabisika. Koma pamenepo ndi pamene chitsulo chopyapyala chapakati pa bimu chikugwira ntchito yaikulu. Mwininyumba amene akudziwa kawerengedwe kake angathe kuletsa galayinda isanalire.

Bimu yotere ili ndi zigawo zitatu. Zitsulo ziwiri zogona, china pamwamba china pansi, amisiri amazitcha mafulanje. Chitsulo choimirira chimene chimazilumikiza ndi webu. Katundu akakhala pa bimu, fulanje yapamwamba imafinyika, yapansi imakokeka, ndipo zimenezi zimakula kwambiri pakatikati pa utali wa bimu. Palinso mphamvu ina imene mainjiniya amaitcha shiya, yomwe imafuna kuti mbali imodzi ya chitsulo itereke pa inzake. Imeneyi imakula kumapeto, pamene bimu yatsamira.

Mungaione ndi maso. Sanjikizani matabwa awiri, muwayale pa njerwa ziwiri, mulembe mzere woimirira kumapeto kwake, kenako muimirire pakati. Mzere uja uduka, chifukwa thabwa lapamwamba latereka pa lapansi. Mukawakhomerera pamodzi ndi misomali, kuterekako kutha ndipo matabwawo alimba kwambiri, koma tsopano misomali ndiyo ikusenza mphamvu ija. Mu bimu yachitsulo, ntchito ya misomaliyo imagwiridwa ndi webu pamodzi ndi malo amene webuyo yalumikizana ndi mafulanje. Injiniya wa ku Russia, Dmitri Zhuravsky, ndiye anapeza kawerengedwe ka mphamvuyi m'zaka za m'ma 1800, pamene ankamanga milatho yamatabwa ya njanji yochoka ku St Petersburg kupita ku Moscow. Kawerengedweko ndi aka:

```
q = V × Q / I
τ = q / t
```

V ndi shiya yonse pa malo a bimu amene mukuwayeza. I ndi nambala yosonyeza kulimba kwa kaumbidwe ka bimuyo, ndipo imapezeka m'mabuku a ogulitsa zitsulo. Kuti mupeze Q, ganizirani kuti mwacheka bimu pamalo ena. Tengani kukula kwa nkhope ya chidutswa chimene chatsala kunja kwa mchekowo, muchulukitse ndi mtunda wochoka pakati pa chidutswacho kufika pa mzere wapakati wa bimu. Yankho lake, q, ndi mphamvu imene milimita iliyonse ya utali wa mchekowo iyenera kugwira. Mukaigawa ndi t, kuchindikala kwa chitsulo pamene mwachekapo, mupeza τ, kupanikizika kwenikweni kwa chitsulocho.

Tiyeni titenge bimu yowotcherera kuchokera ku zitsulo zafulati. Msinkhu wake ndi mamilimita 200. Fulanje iliyonse ndi mamilimita 100 m'lifupi, 10 kuchindikala. Webu ndi mamilimita 180 msinkhu, 6 kuchindikala. I ya bimu imeneyi ndi pafupifupi 21,000,000. Yadutsa pa khomo la mamita 4, ndipo yanyamula katundu wofalikira mofanana wolemera 60 kN, omwe ndi pafupifupi matani 6. Chipilala chilichonse chikulandira theka, choncho kumapeto V ndi 30 kN, kapena 30,000 N. Pakatikati pa khomo V ndi ziro.

Tiyambe kucheka pamene fulanje yapamwamba yakumana ndi webu. Chidutswa chakunja ndi fulanje yonse, nkhope yake 100 kuchulukitsa ndi 10, ndipo pakati pake pali mamilimita 95 kuchoka pa mzere wapakati.

```
Q = 100 × 10 × 95 = 95,000
q = 30,000 × 95,000 / 21,000,000 = 136 N/mm
```

Apa pali chinthu choyenera kuchimvetsa bwino. Mukacheka pang'ono pamwamba pa mfundoyi, m'kati mwa fulanje, 136 uja akugawidwa pa mamilimita 100, ndipo kupanikizika ndi 1.4 MPa basi. Mukatsika pang'ono n'kulowa mu webu, 136 yemweyo akudutsa pa mamilimita 6 okha, ndipo kupanikizika kukulumpha kufika pa 23 MPa. Mphamvu sinasinthe, chasintha ndi kuchepa kwa njira imene ikudutsamo.

Tsikani mpaka pa mzere wapakati. Tsopano chidutswa chakunja ndi fulanje pamodzi ndi theka la webu, lomwe ndi mamilimita 90 msinkhu ndipo pakati pake pali mamilimita 45 kuchoka pa mzerewo.

```
Q = 95,000 + (6 × 90 × 45) = 119,300
q = 170 N/mm,   τ = 170 / 6 = 28 MPa
```

Choncho mu webu kupanikizika kumayambira pa 23 pamwamba, kukwera pang'onopang'ono kufika pa 28 pakati, n'kubwereranso pa 23 pansi. Mukaphatikiza zonse, webu yokha ikunyamula pafupifupi 28.6 kN mwa 30 kN. Mafulanje, ngakhale ndi amene amaoneka onenepa, akunyamula zotsala zochepazo. N'chifukwa chake pali njira yachidule: gawani V ndi nkhope ya webu. Pano 30,000 kugawa ndi 1,080 ndi pafupifupi 28 MPa, mofanana ndi zimene tapeza.

Mu fulanje namonso muli shiya, koma imayenda chopingasa. Kumphepete kwenikweni ndi ziro, ndipo imakula mofanana mukamayandikira webu. Chekani fulanje choimirira m'mbali mwa webu: chidutswa chakunja ndi mamilimita 47 m'lifupi, Q ndi 44,650, q ndi 64 N/mm, ndipo pa kuchindikala kwa 10 kupanikizika ndi 6.4 MPa. Mbali ziwirizo zikubweretsa 128, kachigawo kokhala pamutu pa webu kakuwonjezera 8, ndipo zonse zikulowa mu webu zili 136 uja. Nambala zikagwirizana chonchi, dziwani kuti simunasokoneze.

Chitsulo chomangira cha mtundu wa S275 chimayamba kugonja ku shiya pa pafupifupi 160 MPa. Bimu yathu ili pa 28, ndiye ikakhala yathunthu palibe chodetsa nkhawa. Chimene chimalamula kukula kwa bimu yotere nthawi zambiri ndi kupindika kwake pakati. Ngozi imabwera anthu akaichotsera mnofu kapena akaiwotcherera mwachinyengo.

Yambani ndi kuwotcherera. Ngati bimu yanu ndi yopangidwa pa shedi, mfundo ya fulanje ndi webu iyenera kugwira 136 N pa milimita iliyonse pafupi ndi chipilala. Wowotcherera akayendetsa mzere wosadukiza mbali zonse ziwiri, mbali iliyonse ikusenza 68, pamene mzere wabwino wa mamilimita 4 umatha kusenza pafupifupi 600. Koma akangodontheza timadontho ta mamilimita 25 pa mamilimita 300 aliwonse, timadontho tiwirito tiyenera kugwira 136 kuchulukitsa ndi 300, omwe ndi 40,800 N, kupitirira matani 4. Pa milimita iliyonse ya kadontho pakugwa 816, kuposa 600 uja. Kadontho kamodzi kakathetheka, katundu wake amapita kwa kotsatira, ndipo fulanje imayamba kumasuka kuchokera kumapeto. Yang'anani bimu isanapakidwe penti ndiponso isanakwezedwe. Pitani kumapeto ndi tochi, mutsate mzerewo mbali zonse zinayi. Mpata, timabowo ndi mng'alu wopyapyala m'mbali mwa mzere ndi zifukwa zokwanira zoibwezera.

Chachiwiri ndi mabowo. Paipi ya kuchimbudzi ya mamilimita 110 imafuna bowo la pafupifupi 120. Likabooledwa pafupi ndi chipilala, pa webu ya 180 patsala mamilimita 60 okha, ndipo kupanikizika kukwera kuchoka pa 28 kufika pa 83 MPa, katatu. Nambalayi ikuchepetsabe vuto, chifukwa kawerengedwe ka Zhuravsky kamagwira ntchito pa bimu yosasintha kaumbidwe. Pa bowo, tizitsulo totsala pamwamba ndi pansi timapindikanso patokha, ndipo ngodya zakuthwa za bowo lodula ndi galayinda ndi pamene mng'alu umayambira. Paipi yaikulu idutse pansi pa bimu, muibise ndi siling'i. Bowo laling'ono la mawaya likhale lozungulira, loboola ndi dirilo, pakati pa msinkhu wa webu, kutali ndi zipilala. Musadule fulanje, makamaka pakatikati pa khomo, chifukwa kumeneko ndiyo ikuletsa bimu kuthyoka.

Lamulo loti pakatikati ndi pabwino kuboola lili ndi malire. Limagwira pamene katundu wafalikira mofanana. Ngati pakati pa bimu pakhala mzati, bimu ina kapena phazi la thanki yamadzi, shiya yochokera ku katundu ameneyo sichepa mukamayandikira pakati. Imakhala yofanana kuchokera ku chipilala mpaka pansi pa katunduyo. Thanki ya malita 5,000 ndi matani 5 a madzi okha, pafupifupi katundu yense amene tawerengera.

Chachitatu ndi dzimbiri. Mapeto a bimu amakwiriridwa m'khoma, momwe chinyezi chimakhalitsa ndipo palibe amene amaonamo. Dzimbiri likadya milimita imodzi ndi theka mbali iliyonse, webu ya 6 yatsala 3, ndipo kupanikizika kwawirikiza. Choipa kwambiri n'chakuti webu yopyapyala imatha kukwinyika isanafike n'komwe pa malire a chitsulo. Pakani mapeto penti yoletsa dzimbiri musanawakwirire, ndipo bimu itsamire pa konkire kapena chitsulo chafulati, osati pa njerwa yosawotcha bwino.

Zizindikiro za webu imene ikuvutika zimaoneka pafupi ndi chipilala: makwinya oyenda chopendekeka, penti yosweka m'mizere yopendekeka, webu yotupira mbali imodzi pamwamba penipeni pa potsamira, kapena fulanje imene yasiyana ndi webu. Mukaona chimodzi mwa izi, chotsani katundu amene angachotseke pamwamba, tulutsani anthu pansi pake, muchirikize ndi mizati yolimba, ndipo muitane injiniya wa zomangamanga. Musalole kuti wina awotcherere chigamba bimu ili ndi katundu, pakuti chitsulo chikatentha chimafewa.

Kuwerengera kumeneku sikulowa m'malo mwa injiniya, yemwe amayezanso kupindika, kupotoka kwa bimu ndi mphamvu ya zipilala. Koma kukupatsani mafunso atatu ofunsa mmisiri aliyense wobwera ndi galayinda: shiya ndi yochuluka bwanji pamene mukufuna kudulapo, webu itsala mamilimita angati, ndipo ndani wavomereza? Ngati mayankho palibe, paipi ifune njira ina.