Werenganso amene sanapite kutsogolo

Azakhali,
Ndikuphunzira zaubusa, ndipo atiuza kulemba nkhani younika chiphunzitso chakuti wofesa mbewu kwa munthu wa Mulungu amalemera. Ndinadzaza masamba asanu kusonyeza kuti aneneriwa ndi akuba, koma aphunzitsi andibwezera, ati mulibe umboni. Ndalakwa pati?
Wophunzira, Zomba

Mwanawe,
Masamba asanu onse kutukwana? Si iwe unkanditumizira mafuta odzozedwa chaka chatha? Mkwiyo wa ndalama zako zija usunge kaye, aphunzitsi akufuna masamu.

Yambira pa maumboni. Lamulungu anthu atatu amapita kutsogolo kukanena kuti anafesa ndipo anapeza ntchito. Funso lako likhale lakuti: anafesa onse anali angati? Ngati anali 300, enawo 297 ali phee pa benchi, ndipo palibe amawapatsa maikolofoni. Pa anthu 300 alionse, ofesa kaya osafesa, atatu kupeza ntchito si chozizwitsa. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga anakwerera onse, wa envulopu ndi wopanda envulopu.

Kenaka tiyerekeze mayi wa tomato wa mpamba wa K60,000, amene amapindula K15,000 pa sabata. Akafesa K20,000, amapikula wa K40,000, phindu n'kutsikira cha pa K10,000. Akakatenga ya mbewuyo ku banki m'khonde, chiwongoladzanja chimamudikira pakhomo. Londola ndalamayo ndi chala: yachoka m'thumba la ndani, yalowa m'thumba la ndani?

Koma usabise mfundo ya anzakowo. Bambo akalowa mpingo n'kusiya kachasu ndi zibwenzi, ufa umayambadi kukwanira pakhomo. Lemba zimenezo poyera, kenaka usonyeze kuti chadzaza thumba ndi kusiya botolo, osati envulopu.

Za Baibulo, matenda ako ndi a aneneriwo ndi amodzi: kudula vesi pakati ngati nzimbe. Marko 10:30 imalonjezadi zobwezedwa kambirimbiri, koma vesi lomwelo limatchulanso mazunzo, amene sindinawaonepo pa chikwangwani cha msonkhano. 3 Yohane 2 ndi moni wa kalata yopita kwa Gayo, monga ine ndingakufunire moyo wabwino. Pa 2 Akorinto 8:9 ndiye ukhalitsepo. Paulo akusonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, akuyamikira Amakedoniya amene anapereka ali amphawi, ndipo pa vesi 13 ndi 14 cholinga chake n'chakuti pakhale kufanana. Ndalama imeneyo inkapita kwa osowa. Funsa tsono kuti ya lero ikulowera kuti.

Ndipo utchule Kenneth Hagin, mmodzi wa makolo a chiphunzitsochi ku Amerika, amene m'buku lake la mu 2000, The Midas Touch, anadzudzula yekha alaliki opyola muyezo pa za ndalama. Mawu akuti "akuba" ufufute. Mafuta aja ndikazingira mandasi.

Azakhali ako