MUTU WA DZINA NDI BUKU LOMASULIRA MAWU

Buku lomasulira mawu, limene ena alitcha mtanthauziramawu, lifanana ndi mudzi waukulu wa mizere yoongoka. Mawu onse akhala m'menemo motsata zilembo, kuyambira A kufikira Z, ndipo chilembo choyamba ndicho chiuza munthu mzere woti alowemo. Mwana wodziwa kutsata zilembo ayenera kupeza msanga chimene afuna. Koma nthawi zina mwana wanzeru ndithu atsegula bukulo, nafunafuna "anthu" pa A kapena "midzi" pa M, osawapeza, ndipo atseka buku nati, "Mawu awa mulibe." Mawuwo alimo, koma anawafuna pa khomo la eni ake ena.

1. Mutu ndi tsinde

Maina ambiri a m'Chichewa ali ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndicho mutu, ndipo chotsatira ndicho tsinde. M'dzina lakuti "mudzi" mutu ndi "mu" ndipo tsinde ndi "dzi." Mudzi ukakhala wosungulumwa utchedwa "mudzi," koma ikachuluka itchedwa "midzi." Tsinde likhala chikhalire, koma mutu usinthika.

M'Chingerezi zinthu ziyenda mwina. Kumeneko maina ambiri aonetsa kuchuluka polandira chilembo cha s kumchira, ndipo chilembo choyamba sichigwedezeka. Chifukwa chake wofuna dzina la Chingerezi salakwa mzere kawirikawiri. M'Chichewa kusinthako kuchitika kumutu, pamalo pomwepo pamene buku liyang'ana poika mawu m'mizere yake.

Mbusa David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa buku lomasulira Chimang'anja m'chaka cha 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso nalitulutsa m'chaka cha 1929. Kuyambira masiku amenewo olemba mabuku otere azolowera kulemba dzina monga limveka potchula chinthu chimodzi, ndipo dzina la zambiri alionetsa pambali pake. Akadalemba lililonse pawiri, buku likadakula koposa. Tsono lamulo loyamba ndi ili: wofuna dzina la zambiri ayambe walibweza ku chimodzi, ndipo pamenepo atsegule buku.

2. Magulu atatu osavuta

Maina agawidwa m'magulu monga mwa mitu yawo, ndipo gulu lililonse litchedwa ndi mitu yake iwiri, wa chimodzi ndi wa zambiri.

Gulu la Mu-A ndilo la anthu makamaka: munthu, anthu, mlendo, alendo, mwana, ana. Wopeza "alendo" achotse "a" naikepo "m," ndipo afune "mlendo" pa M. Koma m'gulu lomweli muli maina ena opanda mutu pa chimodzi, monga galu, agalu, ndi fisi, afisi. Pa amenewa angochotsa "a" osaikapo kanthu, ndipo galu apezeka pa G.

Gulu la Mu-Mi ndilo la mitengo, ziwalo zina za thupi ndi zipangizo zambiri: mtengo, mitengo, munda, minda, mpeni, mipeni. Pano chimodzi ndi zambiri zonse ziyamba ndi M, koma sizikhala pa tsamba limodzi, pakuti buku liyang'ananso chilembo chachiwiri. "Mi" ibwera msanga, "mt" ibwera patsogolo ndithu. Ndiponso pamene pamveka "miy," chimodzi chake kawirikawiri chiyamba ndi "mw": miyala, mwala, miyezi, mwezi, miyendo, mwendo.

Gulu la Chi-Zi litumiza munthu ulendo wautali koposa onse, kuchokera kumapeto a buku kunka pafupi ndi chiyambi chake: zingwe, chingwe, zipatso, chipatso. Tsinde likayamba ndi a, e kapena o, mutu ufupika, kotero kuti "zaka" zibwerera ku "chaka," ndi "zovala" ku "chovala." Wosadziwa ichi avundukula masamba a Z kufikira atatopa, pamene mawu ake amdikira pa C.

3. Gulu lonyenga

Gulu la Li-Ma ndilo ligwetsa ambiri. Zambiri zake ziyamba ndi "ma," koma chimodzi chake kawirikawiri chilibe mutu wooneka. Maina ena a m'gululi savuta: mabuku, buku, mafupa, fupa, malipenga, lipenga. Munthu angochotsa "ma" ndipo ntchito yatha.

Koma ena, akataya "ma," alimbitsa chilembo chawo choyamba. Kulimbako kuyenda motere:

K asanduka kh: makasu, khasu, makutu, khutu.
P asanduka ph: mapiri, phiri, mapewa, phewa.
T asanduka th: matumba, thumba.
S asanduka ts: masamba, tsamba, masiku, tsiku.
Z asanduka dz: mazira, dzira.

Pa mizere itatu yoyamba chilembo choyamba sichisinthika, koma mawu asuntha masamba angapo, pakuti "kh" ibwera pambuyo pa "ka" ndi "ke." Pa mizere iwiri yotsiriza mawu asamuka ndithu: tsamba lichoka pa S kunka pa T, ndipo dzira lichoka pa Z kunka pa D. Alipo maina ena amene asunga kulimba kwawo ponseponse, monga phunziro, maphunziro, ndipo amenewa sanyenga munthu.

Alipo enanso owerengeka amene chimodzi chawo chisiyana kwambiri ndi zambiri, kotero kuti palibe kuchitira mwina koma kuwaloweza pamtima: maso, diso, mano, dzino, manja, dzanja, maina, dzina, maluwa, duwa, maungu, dzungu. Ngakhale "mawu" amene adzaza buku lonselo ali ndi chimodzi chawo, ndicho "liwu."

Si onse oyamba ndi "ma" amene ali a gulu ili. Ena abwerera ku "u," monga maulendo, ulendo, ndi mauta, uta. Enanso afunidwa pa M momwe alili, monga madzi ndi mafuta, pakuti zinthu zimenezi siziwerengedwa chimodzichimodzi.

4. Maina osasinthika

Gulu la I-Zi lili ndi maina ambiri a nyama ndi a zinthu za pakhomo: mbuzi, nkhuku, ng'ombe, nyumba, nthochi. Amenewa sasintha mutu konse. Mbuzi ikakhala yokha ndi "mbuzi," zikadzaza khola ndi "mbuzi" basi. Chionetsa kuchuluka ndicho mawu otsatana nalo dzinalo: mbuzi yanga yathawa, mbuzi zanga zathawa. Wofuna maina otere asachotsepo kanthu. Akadula "n" pa "nyumba" atsala ndi chinthu chimene sichili m'buku lililonse.

5. Chitsanzo chimodzi

Mwana wa m'mbali mwa nyanja awerenga m'buku lake mawu awa: "Afisi anabisala m'mapanga akulu." Afisi awadziwa, koma "m'mapanga" ndi mawu achilendo kwa iye. Achite bwanji?

Poyamba achotse "m'" wa patsogolo, pakuti ameneyo angonena malo, monga anena m'mawu akuti "m'nyumba" ndi "m'munda." Atsala ndi "mapanga."

Kachiwiri ayang'ane mutu. Aona "ma," ndipo mawu otsatira ndi "akulu," osati "lalikulu." Pamenepo adziwa kuti zinthuzo nzambiri.

Kachitatu achotse "ma." Atsala ndi "panga," ndipo akatsegula pa P awapeza ndithu mawuwo. Apa ndi pamene pali msampha. Buku limuuza kuti "panga" ndiko kukonza chinthu, monga munthu apanga mpando. Mwana wopupuluma alandira tanthauzo limeneli nasokonezeka. Koma wodekha alibweza m'mawu amene anawerenga aja, nadzifunsa, "Kodi fisi angabisale m'kati mwa kukonza chinthu?" Aona kuti sizigwirizana. Mawu amene wapezawo ndi mneni, ndiwo mawu onena zochita, pamene iye afuna dzina la chinthu.

Kachinayi akumbuke kuti p amalimba nasanduka ph. Apitirire masamba angapo, kudutsa "pa" ndi "pe," ndipo apeza "phanga," ndilo dzenje lalikulu la m'thanthwe kapena m'phiri. Pambali pake aona palembedwa "mapanga," ndipo umenewo ndiwo umboni wakuti wafika pa khomo lenileni. Tsopano mawu onse amveka: afisi anabisala m'maenje a m'matanthwe.

Msampha womwewo ugwira wofuna "masamba." Akachotsa "ma" nathamangira pa S, apeza "samba," ndiko kutsuka thupi, ndipo mwina akalemba pa mayeso kuti mtengo unagwetsa kusamba kwake. Tsono chizindikiro cha kulakwa ndi ichi: tanthauzo limene wapeza silikhala bwino m'mawu amene awerenga, ndipo dzina la zambiri limene anayamba nalo silioneka pambali.

6. Pakamwa pathandiza maso

Mwana wobadwira m'Chichewa ali ndi mthandizi amene mlendo wophunzira chinenerochi alibe, ndiye lilime lake. Asanatsegule buku, awerenge chinthucho mokweza kuchokera pa ziwiri kubwerera pa chimodzi. Akati "makasu awiri," pakamwa payankha pokha kuti "khasu limodzi." Akati "miyala iwiri," pamveka "mwala umodzi." Akati "zala ziwiri," pamveka "chala chimodzi."

Kuwerenga kotere kulekanitsanso maina ofanana mutu koma osiyana gulu. "Mwana" ndi "mwala" onse ayamba ndi "mw," koma munthu ati "mwana mmodzi" ndi "mwala umodzi." Chifukwa chake woyamba achuluka kukhala "ana," wachiwiri "miyala." Dzina likakhala lachilendo kotero kuti lilime silidziwa, pamenepo atsate njira ya mapanga ija, ayese chilembo chofewa ndi cholimba chomwe, ndipo asaleke kufikira ataona umboni pambali. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wofuna "maso" amenewo m'buku adzawapeza pa D.

Mafunso

1. Kodi dzina la Chichewa lisinthika kumutu kapena kumchira pamene zinthu zichuluka?
2. Maina awa afunidwa pa chilembo chiti: ana, zaka, mazira, masiku, manja?
3. Nchifukwa ninji mwana wofuna "mapiri" sangawapeze pa "pi"?
4. Munthu adziwa bwanji kuti nkhuku ndi imodzi kapena nzambiri?
5. Maina awa alembedwe monga amveka pa chimodzi: miyezi, alimi, agalu, makutu, maluwa, zingwe.